Mmene mungawerengere maola ndi mtengo wa katundu watsopano poganizira kuti antchito azizolowera

Wina wakupatsani oda ya ngolo zachitsulo 30 zokokedwa ndi galimoto, za mtundu umene simunapangepo. Mwapanga imodzi yoyeserera, ndipo mutaphatikiza maola a aliyense amene anaigwira, odula zitsulo, owotcherera ndi openta, mwapeza maola 100. Tsopano wogula akudikira kotesheni. Kodi mulemba maola angati?

Ambiri amangochulukitsa 100 ndi 30 n'kulemba maola 3,000. Kotesheni yotere imagwa pa tenda, chifukwa ngolo yachiwiri sidzatenganso maola 100, ndipo ya nambala 20 sidzafika ngakhale theka lake. Ena amadziwa kuti antchito adzazolowera, koma amangodula maolawo mongoganiza, ndipo awa ndi amene amapambana tenda kenako n'kumaigwira akulira. Pali njira yowerengera kuzolowerako, ndipo tiitsata ndi ngolo zomwezi kuyambira pa maola mpaka pa mtengo.

Choyamba, mvetsani chimene chikutsika

Mu 1936, injiniya wina wa ku America, T. P. Wright, analemba zimene anaona m'mafakitale opanga ndege. Anapeza kuti chiwerengero cha ndege zonse zimene zapangidwa chikawirikiza kawiri, avareji ya ntchito imene ndege iliyonse yatenga imatsika ndi gawo lofanana nthawi zonse. Pa ndege zimenezo avarejiyo inkatsika kufika pa 80 peresenti ya mmene inalili. Nambala imeneyi tiitchule kuti mlingo wa kuzolowera.

Mawu awiri apa ndi amene amasokoneza anthu: kuwirikiza ndi avareji.

Kuwirikiza kukutanthauza kuchoka pa 1 kufika pa 2, pa 2 kufika pa 4, pa 4 kufika pa 8. Sizikutanthauza kuti ngolo iliyonse imatsika ndi 20 peresenti poyerekeza ndi imene yangotha. Kuti avareji itsike koyamba mumafunika ngolo imodzi yokha yowonjezera, koma kuti itsike kachisanu mumafunika ngolo 16 zowonjezera. N'chifukwa chake phindu la kuzolowera limabwera mwamphamvu m'masiku oyamba kenako limayamba kudontha pang'onopang'ono.

Avareji nayo ndi ya ngolo zonse zimene zapangidwa kuyambira yoyamba ija, osati nthawi ya ngolo yomaliza. Pa mlingo wa 80 peresenti, ngolo ziwiri zimakhala ndi avareji ya maola 80. Ndiye kuti zonse ziwiri zatenga maola 160, ndipo popeza yoyamba inadya 100, yachiwiri yatenga 60 okha. Amene walemba kuti yachiwiri yatenga maola 80 wasochera kale pa sitepe yoyamba.

Kumbukiraninso kuti mlingo ukakhala wotsika ndiye kuti anthu akuzolowera msanga. Mlingo wa 70 peresenti ndi wachangu kuposa wa 90, ndipo 100 peresenti ikutanthauza kuti palibe chimene chikusintha.

Chachiwiri, dzifunseni ngati ntchito yanu ndi yoti munthu n'kuizolowera

Nthawi imatsika pa zifukwa zooneka ndi maso. Pa ngolo yoyamba wowotcherera amaima kawirikawiri kukayang'ana pulani. Amayeza kawiri kapena katatu. Amalumikiza chitsulo kenako n'kuzindikira kuti chatseka malo olowetsera bawuti, n'kuchidulanso. Pofika pa ngolo yachinayi miyezo ili m'mutu, apeza ndondomeko ya chimene chiyenera kuyamba, ndipo wina wapanga chikombole chogwirira zitsulo pakona kuti asamayezenso. Kapitawo nayenso waphunzira, wadziwa woyenera kumuika pa mawilo ndi woyenera kumuika pa chitseko chakumbuyo.

Zonsezi zimachitika ngati katunduyo ndi watsopano, ngati ntchito yambiri ndi yamanja ndipo ndi yovutirapo, ngati imabwerezedwa mofanana, ngati anthu ake ndi omwewo, komanso ngati siikuima nthawi yaitali pakati. Pamene liwiro likulamulidwa ndi makina, musayembekezere zambiri. Penti imene imafuna maola 6 kuti iume idzafunabe maola 6 pa ngolo ya nambala 30. Makina odula amene amayenda pa liwiro limodzi sazolowera. Ngati gawo lalikulu la ntchito yanu ndi lotere, patulani maola akewo pambali, muwawerengere mwachizolowezi, ndipo mlingo wa kuzolowera muugwiritse ntchito pa maola amanja okha. M'chitsanzo chathu titenga kuti maola 100 onse ndi amanja.

Chachitatu, lembani tebulo la kuwirikiza

Musathamangire fomula. Yambani ndi tebulo, chifukwa ndi limene limakuonetsani ngati yankho la kakyuleta lili lanzeru. Mzere uliwonse, chulukitsani avareji yam'mwamba ndi 0.8, kenako chulukitsani avareji yatsopanoyo ndi chiwerengero cha ngolo kuti mupeze maola onse.

| Ngolo zonse | Avareji ya maola | Maola onse | Maola owonjezera |
|---|---|---|---|
| 1 | 100 | 100 | 100 |
| 2 | 80 | 160 | 60 |
| 4 | 64 | 256 | 96 |
| 8 | 51.2 | 409.6 | 153.6 |
| 16 | 40.96 | 655.36 | 245.76 |
| 32 | 32.77 | 1,048.58 | 393.22 |

Danga lomaliza limapezeka pochotsera, ndipo ili ndi lamulo limene lidzakupulumutseni kambirimbiri: mukafuna maola a gulu lina la ngolo, pezani maola onse mpaka kumapeto kwa gululo, muchotsepo maola onse a ngolo zimene zinapangidwa gululo lisanayambe. Ngolo ya nambala 5 mpaka 8 zatenga 409.6 kuchotsa 256, omwe ndi maola 153.6, kapena kuti 38.4 iliyonse. Onani kuti 38.4 ndi yotsika kwambiri kuposa avareji ya 51.2 imene ili pamzere womwewo. Avarejiyo ikusenzabe katundu wa ngolo zoyamba zija zimene zinachedwa.

Chachinayi, fomula ya manambala amene sali patebulo

Oda yathu ndi ya 30, ndipo 30 palibe patebulo. Apa mpamene fomula imalowa:

```
Y = a * X^b
b = LOG(r) / LOG(2)
```

Y ndi avareji ya maola, a ndi maola a ngolo yoyamba, X ndi chiwerengero cha ngolo zonse, ndipo r ndi mlingo wa kuzolowera wolembedwa ngati 0.8. Pa 80 peresenti b amakhala -0.3219, pa 85 amakhala -0.2345, pa 90 amakhala -0.1520. Nthawi zonse amakhala ndi chizindikiro chochotsera. Mukapeza b wopanda chizindikirocho, mwalakwitsa penapake. Mu Excel mungalembe chonchi:

```
=100*30^(LOG(0.8)/LOG(2))
```

Yankho ndi maola 33.46. Limeneli ndi lomveka, chifukwa lili pamwamba pang'ono pa 32.77 ya ngolo 32. Mukachulukitsa ndi 30 mupeza maola pafupifupi 1,004. Kuchoka pa 3,000 kufika pa 1,004.

Chenjezo laling'ono: musafupikitse manambala pakati pa ulendo. Mukadula b kukhala -0.3, avareji ya ngolo 30 imakwera kufika pa maola 36, ndipo mwawonjezera maola pafupifupi 78 osadziwa. Siyani kakyuleta isunge manambala onse, mufupikitse pomaliza.

Chachisanu, pezani pamene kuzolowera kuthere

Fomula siidziwa kutopa. Mukaisiya imangotsitsabe maola mpaka kalekale, pamene m'shopu yeniyeni pamafika poti dzanja silingathamange kuposa pamenepo. Waya wowotcherera amasungunuka pa liwiro lake, ndipo bawuti ili ndi mazinga ake oyenera kupotokola. Pamenepo nthawi ya ngolo iliyonse imakhazikika.

Tinene kuti kapitawo wanu, poona ntchito zina zimene munagwirapo, akuti pofika pa ngolo ya nambala 16 anthu adzakhala atafika pamapeto. Ndiye kuti ngolo 14 zotsalazo iliyonse idzatenga nthawi yofanana ndi ya nambala 16. Funso ndi lakuti ngolo ya nambala 16 payokha imatenga maola angati.

Gwiritsani ntchito lamulo lochotsera lija. Maola onse a ngolo 16 ndi 655.36. A ngolo 15 muwapeze ndi fomula: avareji ndi 41.82, ndipo onse pamodzi ndi 627.30. Kusiyana kwake ndi maola 28.06, ndipo imeneyo ndiyo nthawi ya ngolo ya nambala 16. Ngolo 14 zotsala zidzatenga 14 kuchulukitsa ndi 28.06, omwe ndi maola pafupifupi 393. Mukaphatikiza ndi 655 a zoyamba zija, oda yonse ndi maola 1,048.

Apa ndi pamene ndaona anthu ambiri akupunthwa, ngakhale odziwa masamu. Amayang'ana patebulo, n'kuona 40.96 pamzere wa 16, n'kuichulukitsa ndi 14. Amapeza maola 573 m'malo mwa 393, ndipo aikapo maola 180 amene palibe adzawagwire. Nambala ya 40.96 ndi avareji ya zonse 16 kuphatikizapo yoyamba ija ya maola 100. Ngolo ya nambala 17 sikubwerera kumasiku amenewo.

Chachisanu ndi chimodzi, sandutsani maola kukhala ndalama

Manambala a ndalama apa ndi achitsanzo chabe, ndipo muwawerenge m'ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito. Tinene kuti malipiro a wantchito ndi 6 pa ola. Pali zolipira zina zimene zimayenda ndi maola, monga magetsi a makina owotcherera ndi kutha kwa zipangizo, ndipo izi ndi 2 pa ola. Zitsulo, matayala, mabawuti ndi penti ndi 300 pa ngolo iliyonse. Zikombole ndi mapulani zimene mwapangira oda iyi yokha zakudyerani 1,500.

Pa zinayi izi, ziwiri zokha ndi zimene zimatsika ndi kuzolowera: malipiro ndi zolipira zoyenda ndi maola. Malipiro ndi 1,048 kuchulukitsa ndi 6, kupeza 6,288. Zoyenda ndi maola ndi 2,096. Zitsulo ndi zina zija ndi 9,000, ndipo izi musazikhudze ndi mlingo wa 80 peresenti, chifukwa ngolo ya nambala 30 ikufuna matayala ofanana ndi yoyamba. Zoonongeka zimachepadi anthu akazolowera, koma zimenezo muziwerengere padera ngati muli ndi umboni. Onjezani 1,500 ya zikombole, ndipo zonse pamodzi ndi 18,884, kapena kuti pafupifupi 629 pa ngolo iliyonse. Mukaikapo phindu la 20 peresenti, kotesheni yanu ndi 22,661, pafupifupi 755 pa ngolo.

Mnzanu uja wochulukitsa 100 ndi 30 wapeza 24,000 pa maola okha, 34,500 zonse pamodzi, ndipo ndi phindu lomwelo akupempha 1,380 pa ngolo. Wogula akaika makotesheni awiriwa pa tebulo, nkhani yatha.

Koma pali funso limodzi loti mudzifunse musanasangalale: kodi maola amene apulumukawo ndi ndalama zenizeni? Ngati mumalipira pa ola, inde. Ngati mumalipira pa ngolo iliyonse yomalizidwa, malipiro satsika ngakhale pang'ono, ndipo phindu la kuzolowera likupita m'thumba la wantchito, inu mukungopindula pa magetsi ndi pa kumaliza msanga. Ngati antchito ndi apamwezi, maola opulumukawo amakhala ndalama pokhapokha pali ntchito ina yowapatsa akamaliza. Kupanda kutero mudzawalipirabe atakhala pansi.

Chachisanu ndi chiwiri, ukayikireni mlingo wanu

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse, ndipo ndikhalitsapo. Zonse zimene tawerengazi zaima pa nambala imodzi, 80 peresenti, imene tangoitenga osafunsa kumene yachokera. Nambala imeneyi ndi yotchuka chifukwa cha ndege za Wright, osati chifukwa chakuti ntchito iliyonse imayenda choncho. Pa pepala imakongola, koma paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Tiyeni tione zimene zingachitike mutapereka kotesheni ya 22,661 kenako anthu anu n'kumazolowera pa mlingo wa 85 peresenti. Kusiyana kwa 80 ndi 85 kumaoneka kochepa. Koma ngolo 16 zoyamba zidzatenga maola 835, ya nambala 16 idzatenga 40.26, ndipo oda yonse idzafika pa maola 1,399. Zolipira zonse zidzakhala 21,692. Phindu limene mumayembekezera la 3,777 latsika kufika pa 969.

Pa 90 peresenti zinthu zimaipiratu. Ngolo 16 zoyamba zokha zidzadya maola 1,050, omwe ndi maola onse amene munakonzera ngolo 30. Oda yonse idzatenga maola pafupifupi 1,832, zolipira zidzafika pa 25,156, ndipo mwaluza pafupifupi 2,500 pa ntchito imene munaipambana mukumwetulira.

Choncho musanatumize kotesheni, werengerani katatu: pa mlingo umene mukuukhulupirira, pa wina wokwera ndi 5, ndi pa wina wokwera ndi 10. Pezaninso malire anu. Pa mtengo wa 22,661, mukachotsa 10,500 ya zitsulo ndi zikombole, patsala 12,161, ndipo mukagawa ndi 8 wa pa ola mupeza maola 1,520. Mukadutsa pamenepo mukugwira ntchito yolipira nokha. Ine ndikanakhala kuti ndilibe zolemba zakale zotsimikizira 80 peresenti, ndikanaika mtengo pa 85. N'kutheka kuti tendayo ndikanaiphonya, koma kuphonya tenda sikutseka shopu.

Nanga mlingo weniweni mungaupeze bwanji? Njira yabwino ndi kuyang'ana makadi a maola a ntchito ina yatsopano imene anthu omwewa anagwirapo, yofanana nayo kuvuta kwake. Ngati mulibe, oda yomweyi idzakuuzani, bola muzilemba maola a ngolo iliyonse payokha. Tinene kuti ngolo zinayi zatha ndipo zatenga maola 289 pamodzi. Avareji ndi 72.25. Gawani ndi maola a yoyamba, mupeza 0.7225. Kuchoka pa 1 kufika pa 4 ndi kuwirikiza kuwiri, ndiye kuti mlingo wadzichulukitsa wokha kawiri, ndipo batani la √ pa kakyuleta likupatsani 0.85. Mu Excel, pa chiwerengero chilichonse cha ngolo:

```
=(72.25/100)^(LOG(2)/LOG(4))
```

M'malo mwa 4 ikani ngolo zimene zatha, m'malo mwa 72.25 ikani avareji yake. Mukapeza 0.85 pamene munalonjeza 0.80, mwadziwa vuto ngolo 26 zisanapangidwe. Nthawi ikadalipo yopanga chikombole china, yosintha ndondomeko, kapena youza wogula kuti tsiku lomaliza lisuntha.

Musaweruze ndi ngolo ziwiri zokha. Yachiwiri ikhoza kuchedwa chifukwa chitsulo chinabwera chopindika, ndipo mlingo udzaoneka woipa pamene anthu alibe mlandu. Dikirani zinayi, ndipo zikafika 8 muwerengenso. Pa makadi, maola odikira katundu kapena okonza makina owonongeka alembedwe padera, chifukwa amenewo si kuphunzira. Samalaninso ndi nambala yoyamba ija ya 100. Ngati ngolo yoyeserera inapangidwa ndi katswiri wanu mmodzi pamene zotsalazo zidzagwiridwa ndi gulu lonse, kapena ngati m'maola 100 amenewo munalowa nthawi yojambula pulani, maziko anu ndi okhota, ndipo cholakwikacho chidzatsata ngolo iliyonse mpaka yomaliza.

Palinso msampha wa mawu. Anthu ena akamati 80 peresenti amatanthauza kuti ngolo yachiwiri payokha imatenga maola 80, yachinayi payokha 64, osati avareji. Njira imeneyi nayo ndi yovomerezeka ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'makontirakiti opanga ndege, koma imapereka maola ambiri. Pa njira imeneyo ngolo zinayi zimatenga maola 314, pamene pa njira yathu ya avareji zimatenga 256. Wina akakupatsani mlingo, mufunseni kuti ndi wa avareji kapena wa chinthu chimodzi payokha. Ndipo ngati muyezo wanu woyamba unali wa gulu, mwachitsanzo mipando 50 yopangidwa pamodzi, ndiye kuti a ndi maola a gulu lonselo ndipo X akuwerenga magulu, osati mipando.

Chachisanu ndi chitatu, ikani maolawo pa kalendala

Muli ndi anthu anayi, aliyense maola 40 pa mlungu, ndiye kuti maola 160 pa mlungu. Oda ya maola 1,048 idzatenga milungu 6 ndi theka. Koma ngolozo sizidzatuluka mofanana. Mlungu woyamba, kuwerengera ndi yoyeserera ija, mudzatulutsa ziwiri zokha. Pakutha kwa mlungu wachiwiri zidzakhala zisanu, popeza ngolo 5 zimafuna maola 298 ndipo 6 zimafuna 337. Kumapeto, anthu omwewo azidzatulutsa pafupifupi 6 pa mlungu.

Izi zikukhudza lonjezo lanu kwa wogula. Mukamuuza kuti azilandira ngolo 5 mlungu uliwonse kuyambira pachiyambi, mudzakhala wabodza mlungu woyamba womwewo ngakhale zonse zikuyenda bwino. Zikukhudzanso zitsulo, chifukwa mukamaitanitsa mofanana mlungu uliwonse zidzaunjikana poyamba n'kudzasowa kumapeto, nthawi imene manja ali pa liwiro. Ndipo zikukhudza mmene mumayezera antchito. Mukagawa 1,048 ndi 30 n'kuika maola 35 ngati muyezo wa ngolo iliyonse, lipoti la ngolo 8 zoyamba lidzaonetsa kuti apitirira ndi maola pafupifupi 130, ndipo mudzakalipira anthu amene akuchita ndendende zimene munawerengera. Muyezo wa ngolo 8 zoyamba ndi maola 409.6. Kumapeto, muyezo womwewo wa 35 udzawayamikira ngakhale atayamba kuzengereza, popeza ngolo yoyenera maola 28 ikhoza kutenga 33 lipoti n'kumaonekabe loyera.

Wogula akabweranso

Tinene kuti wakhutira ndipo akufuna ngolo zina 10. Ngati ntchito ikupitirira osaima, ndi anthu omwewo ndi pulani yomweyo, ngolo iliyonse ndi maola 28.06, zonse pamodzi 281. Zikombole zinalipiridwa kale. Mtengo wopangira ngolo imodzi watsika kufika pa 524, ndipo wogula wochenjera amadziwa zimenezi ndipo adzapempha kuti mumutsitsire.

Koma ngati padutsa miyezi ingapo, manja amaiwala. Wowotcherera mmodzi anachoka, chikombole chinaikidwa pena pake kuseri, ndipo njira yachidule imene anthu anaipeza sinalembedwe paliponse. Simudzabwerera pa maola 100, koma simudzayambiranso pa 28. Fomula singakuuzeni kuti mwabwerera pati, zimenezo n'zoti muweruze nokha ndi kapitawo. Mukagwirizana kuti gululo labwerera pamene linali litangomaliza ngolo yachinayi, werengani ngati kuti mukupanga ngolo ya nambala 5 mpaka 14. Maola onse a ngolo 14 ndi 598.6, kuchotsa 256 a zinayi zoyamba, kutsala 343. Ndi maola 62 kuposa mmene zikanakhalira ntchito ikanapitirira, omwe ndi ndalama pafupifupi 500 zoti zilowe m'kotesheni yachiwiri. Wogula akasinthanso pulani, mwachitsanzo n'kufuna chitseko cham'mbali, patulani gawo losinthidwalo: chitsekocho chiyambe tebulo lakelake kuyambira pa nambala 1, pamene felemu ndi mawilo zikupitiriza pamene zinalekezera.